Phunziro: Kalembedwe ka Imelo Yoperekeza Pempho la Ndalama

Komiti ya pagombe ikalemba pempho la thandizo la ndalama, imalitumiza pamodzi ndi imelo yachidule yoliperekeza. Wolandira amayamba wawerenga imeloyi asanatsegule mapepala ena, ndipo amafuna kuona zinthu zitatu: ntchito imene mukufuna kugwira, ndalama zimene mukupempha, ndi munthu womuimbira foni.

Yambani ndi mutu. Pamalo polembedwa Subject musalembepo "Moni" kapena "Thandizo" pokha. Lembani ntchito, boma lanu ndi ndalama, kuti imelo yanu isavute kupeza pakati pa zinzake.

Tiyerekeze kuti komiti ikufuna mathandala 10 oyanikapo usipa, lililonse la K240,000. Ntchito yonse ndi ya K2,400,000. Anthu apagombe asonkha K400,000, choncho pempho ndi K2,000,000. Imelo ikhale motere:

Subject: Pempho la K2,000,000 la mathandala a usipa, Mangochi

Okondedwa Bambo/Mayi,

Ndife komiti ya pagombe la (dzina) m'boma la Mangochi. Tikufuna kumanga mathandala 10 m'miyezi itatu, kuti amayi 40 asiye kuyanika usipa pamchenga, pomwe umada ndi kutsika mtengo.

Ndalama zomwe tikupempha: K2,000,000
Zomwe tasonkha tokha: K400,000
Mtengo wa ntchito yonse: K2,400,000

Wolankhula naye: (dzina), mlembi, foni (nambala), kuyambira 2 koloko masana. Akapanda kupezeka: (dzina), msungichuma, foni (nambala).

Taphatikiza: pempho, bajeti ndi kalata ya a Gulupu.

Ine wanu, (dzina), wapampando.

Taonani kuti chidule chili ndi ziganizo ziwiri zokha. Mbiri ya komiti ndi mavuto onse apagombe zisiyeni m'pempho lenilenilo.

Ndalama iliyonse ikhale pamzere pake. Makomiti ambiri amalemba mtengo wa ntchito yonse wokha, ndiye wowerenga sadziwa ngati akupemphedwa K2,400,000 kapena K2,000,000. Onetsetsaninso kuti chiwerengero cha mu imelo chikufanana ndi cha mu bajeti. Zikasiyana, amayamba kukayika mawerengero anu onse.

Posankha wolankhula naye, kumbukirani kuti msodzi wa usipa amachezera panyanja ndipo foni yake siipezeka nthawi zonse. Sankhani munthu wokhala kumtunda amene akuidziwa bwino bajeti. Ngati bungwelo lili kunja kwa dziko, yambani nambala ndi +265 ndi kuchotsa 0 woyamba. Ngati mwatumizira pa imelo ya munthu wina, dziwani kuti yankho lidzafikira kwa iyeyo, choncho mupempheni kuti aziyang'anamo tsiku ndi tsiku.

Bungwe likafuna Chingerezi, ndondomeko yake ndi yomweyi. Musanatumize, mupatseni membala amene sanalembe nawo kuti awerenge kamodzi, kenaka mumufunse: tikupempha chiyani, zingati, ndipo aimbira ndani? Akalephera kuyankha funso limodzi, konzani malo amenewo.