Zoyenera ndi zosayenera powerengera fidi ya makina osemera zitsulo

Fidi ndi liwiro limene tebulo la makina limayendera popereka chitsulo ku chosemera, ndipo timaliyeza m'mamilimita pa mphindi. Ambiri amasankha nambalayi mongoyerekeza, kenaka n'kumatchera khutu kuti amve ngati makina akudandaula. Komatu fidi sisankhidwa. Chosankhidwa ndi kukula kwa chibanthu chimene dzino lililonse la chosemera lilume likafika pa chitsulo, ndipo fidi imachokera pamenepo:

```
Vf = fz × z × n
n  = (1000 × Vc) / (π × D)
```

Apa fz ndi mamilimita amene tebulo limasuntha pa dzino limodzi, z ndi chiwerengero cha mano, n ndi maulendo amene sipindulo imazungulira pa mphindi, Vc ndi liwiro la nsonga ya dzino m'mamita pa mphindi, ndipo D ndi kukula kwa chosemera m'mimba mwake. M'malangizo onsewa tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi: chosemera cha HSS cha mamilimita 10, cha mano anayi, chikusema chitsulo chofewa wamba.

1. Poyambira

Zoyenera: Yambani ndi liwiro la sipindulo, kenaka fz, fidi ibwere pomalizira. Chosemera cha HSS pa chitsulo chofewa chimayenda bwino pa Vc ya mamita 25 mpaka 30 pa mphindi. Tikatenga 25, tipeza 25,000 kugawa ndi 31.4, zimene zikutipatsa 796, tingoti 800. Tsono tisankhe fz ya 0.04, imene ili yoyambira yabwino pa chosemera cha msinkhu umenewu. Fidi ikhala 0.04 × 4 × 800, ndiye kuti mamilimita 128 pa mphindi. Ngati wopanga chosemeracho analemba fz yake pa bokosi kapena m'buku, tsatirani imeneyo.

Zosayenera: Musabwereke fidi ya ntchito yadzulo pongoona kuti chitsulo n'chofanana. Nambala ya 128 ndi yoona pa mano anayi ndi sipindulo ya 800 basi. Chimodzi mwa ziwirizi chikasintha, dzino limayamba kuluma mosiyana ngakhale tebulo likuyenda monga kale, ndipo diso silingaone kusiyanako mpaka chosemera chitathyoka kapena kubuntha.

2. Kuwerenga mano

Zoyenera: Tembenuzani chosemera muwerenge mano ake musanachimange. Werengani onse ozungulira, osati okhawo amene akhale m'chitsulo pa nthawi imodzi, pakuti sipindulo ikazungulira kamodzi dzino lililonse limadutsapo kamodzi. Pa chosemera chachikulu cha mano omangirira ndi masikuluwu, onetsetsani kuti malo onse muli mano. Pali mitundu ina imene mano ake anandandalikidwa m'mizere yokwera m'mbali. Pamenepo z ndi chiwerengero cha mano odula pa msinkhu umodzi, osati mano onse amene mukuwaona.

Zosayenera: Musasinthe chosemera n'kusiya fidi ili pomwepo. Tinene kuti cha mano anayi chabuntha ndipo m'kabati mwatsala cha mano awiri, chofanana kukula. Mukasiya 128 ndi 800, dzino lililonse liluma 128 kugawa ndi 1,600, ndiye kuti 0.08, kuwirikiza kawiri zimene munawerengera. Fidi yoyenera apa ndi 64. Mukachoka pa mano awiri kupita pa anayi osasintha fidi, vuto limatembenuka: dzino limalandira theka la gawo lake ndipo limayamba kukhula m'malo modula.

3. Liwiro limene makina ali nalodi

Zoyenera: Werengerani fidi ndi liwiro limene sipindulo ikuzunguliradi. Makina a magiya kapena a malamba ali ndi maliwiro owerengeka, olembedwa pa kambale kapambali. Tiyerekeze kuti anu ali ndi 630 ndi 1,000, koma 800 palibe. Pa HSS tengani lam'munsi, chifukwa 1,000 likweza Vc kupitirira mamita 31 pa mphindi ndipo nsonga zitentha msanga. Mukatero bwererani ku masamu: 0.04 × 4 × 630 ikupereka 101, tingoti 100. Pa makina opukusa ndi dzanja, onani kuti tebulo limasuntha bwanji gudumu likazungulira kamodzi. Ngati ndi mamilimita asanu, fidi ya 100 ikutanthauza kupukusa ka 20 pa mphindi, kamodzi pa masekondi atatu alionse.

Zosayenera: Musatsitse sipindulo yokha. Mukatsika kufika pa 630 fidi ili pa 128, fz imakwera kufika pa 0.05, mwawonjezera dzino katundu woposa gawo limodzi mwa magawo anayi musakudziwa. Musakhulupirirenso manambala a pa kachitsulo kotembenuzira fidi yamagetsi musanawayese, poti pa makina ambiri manambalawo si mamilimita. Lembani mizere iwiri yotalikirana mamilimita 200, yendetsani tebulo popanda kudula, muyese ndi wotchi. Pa fidi ya 100 ulendowo utenge mphindi ziwiri.

4. Pamene mtima ukuti chepetsani

Zoyenera: Makina akayamba kunjenjemera kapena kulemedwa, yambani mwaona ngati chitsulo chagwidwa zolimba mu vayisi ndiponso ngati chosemera sichinatuluke motalika kwambiri. Kenaka chepetsani kuya kapena kutambalala kwa mdulidwe, fz muisiye. Yang'anani zibanthu, ndizo mboni zosanama. Zikamatuluka zopindika, zofanana kukula, zooneka bwino, dzino likudula. Zikamatuluka zabuluu pa chosemera cha HSS, kutentha kwachuluka, ndipo choyamba kuchikayikira ndi liwiro la sipindulo. Litsitseni pamodzi ndi fidi kuti fz isasinthe.

Zosayenera: Musaganize kuti fidi yochepa kwambiri imasunga chosemera. Nsonga ya dzino, ngakhale yatsopano, ndi yobulungira pang'ono, ndipo ikapatsidwa chibanthu chopyapyala kuposa kubulungirako siilowa m'chitsulo. Imangotsetsereka pamwamba, monga amachitira macheka odulira zitsulo mukamawayendetsa osasindikiza: mano amatha, chitsulo chili chikhalire. Zizindikiro zake ndi kulira kwa tswii, zibanthu zonga fumbi, ndi malo owala m'mbali mwa dzino pamene lakhala likukhula. Pa chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 304 n'zoopsa koposa, chifukwa chikakhulidwa chimauma pamwamba, ndipo dzino lotsatira limapeza khungu lolimba kuposa limene linalipo poyamba.

5. Kusema m'mbali pang'ono

Zoyenera: Dziwani kuti fz imafanana ndi kuchindikala kwenikweni kwa chibanthu pokhapokha chosemera chitalowa m'mbali theka la kukula kwake kapena kuposa. Chikalowa pang'ono, dzino limakhudza chitsulo pa kagawo kochepa ka ulendo wake, pamene chibanthu sichifika pochindikala. Kuchindikalako timakupeza motere, pamene ae ndi mamilimita amene chosemera chalowa m'mbali:

```
hex = fz × 2 × √( (ae/D) × (1 − ae/D) )
```

Chosemera chathu chikalowa milimita imodzi, ae/D ndi 0.1, ndipo masamuwo apereka 0.6. Ndiye kuti fz ya 0.04 ikutulutsa chibanthu cha 0.024 chokha. Kuti tibwerere pa 0.04, tigawe 0.04 ndi 0.6, tipeze fz ya 0.067. Pa sipindulo ya 800 fidi ikhala pafupifupi 213, osati 128.

Zosayenera: Musalowe ndi fidi yokwezedwayo pa ngodya yam'kati kapena mu mpata umene chosemera chikudula ndi m'mimba monse. Pa ngodya chitsulo chimakulunga chosemera mwadzidzidzi, kupyapyala kuja kumatha, ndipo dzino limaluma 0.067 yonse, mano angapo ali m'kati nthawi imodzi. Zosemera zambiri zimathyokera pamalo otere. Musakwezenso fidi mwanjira imeneyi pa makina ogwedera, kapena pomalizitsa pamene mukufuna khoma losalala.

6. Mano adye mofanana

Zoyenera: Pukutani koleti ndi mkati mwa sipindulo musanamange, kenaka ikani geji ya muvi pa chosemera n'kuzunguza sipindulo ndi dzanja, makina atazimitsidwa. Masamu onsewa amatenga kuti dzino lililonse likulandira gawo lofanana. Chosemera cha mano awiri chikamapepeluka ndi 0.02 pa geji, pa fz ya 0.04 dzino limodzi limaluma pafupifupi 0.06 pamene linzake likungopeza 0.02.

Zosayenera: Musayese kuchiza kupepelukako pochepetsa fidi. Mukatsitsa fz kufika pa 0.02, dzino lalifupi lija silifikanso pa chitsulo bwinobwino, ndipo ntchito yonse imatsalira limodzi. Mungazindikire vutoli ndi khutu: phokoso limamveka logunda kamodzi pa kuzungulira kulikonse m'malo momveka mofanana. Mukamasula chosemera mupeza dzino limodzi latha, linalo lili ngati latsopano. Kachosemera kakachepa, vutoli limakula, poti fz yake imakhala yaing'ono kale.

7. Polemba pulogalamu ya CNC

Zoyenera: Uzani makina momveka kuti nambala ya F ikutanthauza chiyani. G21 ndi mamilimita, G20 ndi mainchi. Pa makina osemera G94 ndi fidi ya pa mphindi, G95 ndi ya pa kuzungulira kumodzi. Chitsanzo chathu chimalembedwa chonchi:

```
G21 G94
S800 M03
G01 X100. F128.
```

Mukasankha G95, F imakhala fz × z, apa 0.16, ndipo ubwino wake ndi woti fidi imatsatira sipindulo yokha ikasintha.

Zosayenera: Musasiye makina akumbukire zimene pulogalamu yapita inasiya. F128 ikawerengedwa m'mainchi, tebulo lithamanga mamilimita opitirira 3,200 pa mphindi. F0.16 ikawerengedwa pa G94, tebulo lingokwawa chosemera chikupsa pamalo amodzi. Musagwiritsenso fidi yosemera m'mbali polowetsa chosemera pansi molunjika. Pa zosemera zambiri za mano anayi, ndi mano awiri okha, kapena limodzi, amene amafika pakati, ndipo zina sizidula pakati n'komwe. Lowani motsetsereka, kapena boolani kaye ndi dirilo.

Pa pepala la ntchito iliyonse lembani manambala anayi onse, fz, z, n ndi Vf, osati fidi yokha. Amene adzabwere pa makinawo mawa ndi chosemera china kapena giya ina adzangosintha nambala imodzi n'kuchulukitsanso.