Kalata Yopempha Msonkhano Wapadera Wochotsa Wapampando wa Bodi

Mabanja ambiri ali ndi masheya, ena m'makampani akuluakulu a pa Malawi Stock Exchange, ena m'kakampani ka pachibale ka chigayo kapena mathiraki. Wapampando wa bodi akayamba kuyendetsa zinthu mokhota, eni masheya sayenera kudikira msonkhano wapachaka. Lamulo limawalola kulembera bodi kuti iitanitse msonkhano wapadera. Makalata otere amalephera pa zinthu ziwiri: kupempha chinthu cholakwika, ndi kusawerenga mavoti musanalembe.

Yambani ndi kupeza malamulo oyendetsera kampaniyo. Mlembi wa kampani amakhala nawo, ndipo amapezekanso ku ofesi yolembetsa makampani. Muwawerenge pamodzi ndi Lamulo la Makampani la 2013, mukufufuza mafunso atatu: amasankha wapampando ndani, opempha msonkhano akhale ndi masheya angati, ndipo bodi ili ndi masiku angati oti iyankhe.

Funso loyambalo ndi pamene pagona nkhani. M'makampani ambiri eni masheya amasankha madayilekitala, kenako madayilekitalawo amasankhana okha wapampando. Ndiye kuti mpandowo ndi wa bodi, ndipo kalata yongoti "tikufuna wapampando wina" ikhoza kukanidwa, bodi n'kunena kuti msonkhano wa eni masheya ulibe mphamvu pa nkhaniyo. Mphamvu imene muli nayo ndi yochotsa munthuyo pa udayilekitala. Akasiya kukhala dayilekitala, upampando umatha wokha, chifukwa sangatsogolere bodi imene sali membala wake. Ngati mukufuna kuti alowe munthu wina, imeneyo ikhale mfundo yachiwiri, yapayokha, yosankha dayilekitala watsopano. Bodi ikadzakumana idzasankha wapampando wake, ndipo sikuti adzakhala amene mwamuikayo ayi. Zimenezi muzidziwiretu kuti musadzakhumudwe.

Tsopano chiwerengero. Ku Britain, lamulo la 2006 limafuna kuti opempha akhale ndi masheya ovotera osachepera 5 pa 100 alionse. Ku South Africa, lamulo la 2008 limafuna 10 pa 100. Tiyerekeze kampani ya mathiraki yokhala ndi masheya 200,000, imene mlingo wake ndi 5 pa 100. Pakufunika masheya 10,000. Inu muli ndi 6,000 okha, simungakwanitse nokha. Mchemwali wanu ali ndi 5,000. Mukasainira limodzi akwana 11,000, ndipo bodi siingakane.

Koma samalani ndi kaundula wa eni masheya. Amene amawerengedwa ndi masheya olembedwa m'dzina la wosainayo. Ngati 5,000 a mchemwali wanu aja akadali m'dzina la malemu bambo anu chifukwa za chuma cha masiye sizinathe, siginecha yake ikhoza kukanidwa, inu n'kutsala ndi 6,000 anu aja. Mabanja ambiri amagwera pamenepa. Funsani kwa mlembi wa kampani kuti kaundula akuti chiyani musanalembe kanthu.

Kalatayo ikhale yaifupi. Makampani ambiri amalemberana m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi zomwezi:

Kwa a Bodi ya Madayilekitala, kudzera kwa Mlembi wa Kampani.

Olemekezeka, ife amene tasaina pansipa tili ndi masheya 11,000 mwa masheya 200,000 ovotera a kampani ino. Potsatira Lamulo la Makampani ndi malamulo a kampani ino, tikupempha kuti muitanitse msonkhano wapadera wa eni masheya, kuti avotere mfundo izi. Yoyamba: kuti a Uje achotsedwe pa udindo wa dayilekitala kuyambira pamene msonkhanowu udzathere. Yachiwiri: kuti a Ujeni asankhidwe kukhala dayilekitala. Chifukwa chathu n'chakuti malipoti a zachuma a zaka ziwiri zapitazi sanaperekedwe kwa eni masheya, ndipo msonkhano wapachaka sunachitike. Tikupempha kuti a Uje apatsidwe kope la kalata ino ndi mpata wodzayankha pamsonkhanowo. Taikamo kalata ya a Ujeni yovomera udindowu.

Pansi pake aliyense alembe dzina lake monga lilili m'kaundula, kuchuluka kwa masheya ake, siginecha ndi tsiku. Mutchulenso ndime ya malamulo imene mwatsamira.

Pa chifukwa chija ndikupemphani kuti mudzigwire mtima. Kalata imeneyi idzawerengedwa ndi anthu ambiri, mwina ndi khoti lomwe. Lembani zokhazo zimene zili ndi umboni: lipoti limene silinabwere, msonkhano umene sunachitike, kontirakiti imene inapatsidwa kwa wachibale bodi isanavomereze. Mukalemba kuti munthuyo ndi wakuba mulibe pepala lililonse, mlandu woipitsa mbiri udzagwera inu, ndipo nkhani yeniyeni idzaiwalika. Chiganizo chopatsa wapampando mpata woyankha musachichotse, ngakhale mwakwiya bwanji. Malamulo a ku Britain ndi a ku South Africa onse amanena poyera kuti dayilekitala amene akufuna kuchotsedwa adziwitsidwe ndi kumvedwa voti isanachitike, ndipo kumumana mpatawo n'kumupatsa pogwira kuti akatsutse chigamulo chanu kukhoti.

Kaperekeni kalatayo ku ofesi yolembetsedwa ya kampani, osati kunyumba kwa dayilekitala kapena pa WhatsApp. Tengani makope awiri, wolandirayo adinde chidindo ndi kulemba tsiku pa kope lanu. Masiku oti bodi iyankhe amayamba kuwerengedwa kuchokera pa tsiku limenelo. Ku Britain bodi imakhala ndi masiku 21 oti iitanitse msonkhano, ndipo msonkhanowo uchitike pasanathe masiku 28 kuchokera pa tsiku la chidziwitso choitanira msonkhanowo. Bodi ikangokhala chete, opempha aja angathe kuitanitsa okha pasanathe miyezi itatu, kampani n'kuwabwezera ndalama zimene agwiritsa ntchito. Masiku a kampani yanu muwalembe pa kalendala, ndipo akadutsa popanda yankho, pamenepo mpofunika loya. Msonkhano woitanidwa mosatsata ndondomeko zigamulo zake sizigwira ntchito.

Kuitanitsa msonkhano si kupambana voti. Kuti dayilekitala achoke pamafunika mavoti opitirira theka la mavoti oponyedwa, kapena ochulukirapo ngati malamulo akutero, ndipo akamavota potsata masheya, sheya iliyonse ndi voti imodzi. Tibwerere ku kampani ya mathiraki ija, tiyerekeze kuti kumeneko pakufunika opitirira theka basi. Wapampando ali ndi 70,000, mnzake wapamtima 20,000, pamodzi 90,000. Inu ndi onse ogwirizana nanu amene adzabwere muli ndi 80,000. Mwa mavoti 170,000 oponyedwa mukufunika opitirira 85,000, ndiye mwagonja, ngakhale m'chipindamo mutakhala anthu ochuluka. Masheya 30,000 otsalawo ali ndi achibale amene ali ku Joni ndi ku Lusaka. Amenewa akasaina fomu yosankha wowavotera, n'kuibweza nthawi yake isanakwane, inu mufika 110,000. Ntchito yowaimbira foni ndi kuwafotokozera muichite kalata isanapite. Pamsonkhanopo pemphani kuti voti iwerengedwe potsata masheya, chifukwa pokweza manja munthu wa masheya 100 amafanana ndi wa 30,000.

Onaninso ngati wapampandoyo ali ndi kontirakiti ya ntchito ndi kampani, kaya ngati manejala wamkulu. Voti yanu imamuchotsa mu bodi basi, ndipo kontirakitiyo ikathetsedwa mosayenera kampani ikhoza kulipira chipepeso chochokera m'phindu lanu lomwe. Ngati kampaniyo ndi banki kapena ya inshuwalansi, dayilekitala watsopanoyo ayenera kuvomerezedwa ndi a Reserve Bank of Malawi asanayambe ntchito. Voti ikatha, onetsetsani kuti zokambirana zalembedwa ndi kusainidwa, ndiponso kuti mlembi wadziwitsa ofesi yolembetsa makampani za kusinthaku.