Make kapena do: tilembe liti?

M'Chichewa mutha kufunsa mnzanu kuti "Ukuchita chiyani?" kapena "Ukupanga chiyani?" ndipo zonse zimamveka bwino. M'Chingerezi sizitero. Mawu awiriwa, make ndi do, lililonse lili ndi mawu ake amene limayenda nawo, ndipo sabwerekana. Ambiri tinaphunzira kuti make ndi kupanga, do ndi kuchita. Pamenepa ndi pamene vuto limayambira.

Tiyerekeze kuti mayi wogulitsa tomato akulemba kalata yopempha ngongole. Walemba kuti: "I make business at the market. I do profit every week." Wowerenga amva ndithu zimene mayiyu akutanthauza, koma mawu awiriwa asemphana. Anayenera kulemba kuti: "I do business at the market. I make a profit every week."

Chifukwa chake n'chiyani? Bizinesi ndi ntchito imene mayiyu amadzukira m'mawa uliwonse, ndipo ntchito yogwira imatenga do. Ntchito za pakhomo ndi za kusukulu nazonso zimatero: kuchapa ndi "do the washing", kutsuka mbale ndi "do the dishes", ndipo mwana akamalemba homuweki timati "do homework". Koma phindu panalibe m'mawa pamene ankayala tomato wake. Labwera chifukwa cha malonda. Chinthu chimene panalibe, kenako n'kupezeka, chimatenga make. N'chifukwa chake timati "make money", komanso "make tea" tikamakonza tiyi.

Choncho musanalembe, dzifunseni: kodi ndikunena za ntchito yogwira, kapena za chinthu chimene chatulukapo?

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa zinthu zosagwirika ndi manja. Timati ana akuchita phokoso, ndiye dzanja limathamangira kulemba "do noise". Koma phokoso panalibe, anawo ndiwo alibweretsa, motero ndi "make noise". Kulakwitsa nakonso ndi "make a mistake", ndipo ichi chimapunthwitsa ngakhale anthu amene anapita patali ndi sukulu. Mukamapepesa m'kalata pa zimene zinachitika kale, lembani "I made a mistake", osati "I did a mistake". Kumbukirani kuti pokamba zakale, make amasanduka made, pomwe do amasanduka did.

Funso lija silithandiza paliponse. Kuyala bedi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, komabe Angerezi amati "make the bed", ngakhale simunakhome bedilo ngati kalipentala. Mawu otere ndi ongoloweza, ndipo muziwalemba m'kope onse pamodzi, osati make payekha.

Tsopano yesani. Ikani make kapena do m'malo mwa mzere, kenako fotokozerani mnzanu chifukwa chake:

1. Please do not ___ noise.
2. My children ___ homework after supper.
3. I want to ___ more money this year.
4. We ___ business in Limbe.