Kalembedwe ka gawo la tchuthi cha uchembere, cha abambo ndi cha maliro

Musakopere buku la malamulo a pantchito la kampani ina, makamaka lochokera kunja. Tsegulani lamulo lathu la ntchito la 2000 pamodzi ndi zosintha za 2021, chifukwa simuloledwa kupereka zochepera pa zimene lalamula. Mayi amapatsidwa masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo akabwerako ntchito yake ndi yomwe ija. Bambo amapatsidwa masabata awiri, nayenso kamodzi pa zaka zitatu, malipiro osadulidwa. Lembani zimenezi monga mmene mungamuuzire munthu pakamwa: "Ukapita kutchuthi cha uchembere udzalandira malipiro ako onse." Onetsaninso kawerengedwe ndi madeti enieni. Woyamba tchuthi Lolemba pa 10 Malichi 2025 abwerera Lolemba pa 5 Meyi, poti masabata 8 ndi masiku 56, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamulungu.

Nenani tsiku limene zaka zitatuzo zimayambira kuwerengedwa, ndi chimene chidzachitike kwa mayi wobereka zisanakwane. Amene tamutchula uja akadzakhalanso woyembekezera mu 2027, kodi adzatenga tchuthi chake cha pachaka, chopanda malipiro, kapena kampani idzamulipira ndithu? Sankhani lero, mulembe. Chimene simungachite ndi kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati, umenewo ndi mlandu.

Pamene ambiri amagwa ndi pa tchuthi cha maliro. Lamulo la ntchito silinaike masiku a maliro, choncho zimene mwalemba inu ndizo zidzagwire ntchito. Ndaona mabuku ambiri ongonena kuti tchuthichi chidzaperekedwa "wachibale weniweni akamwalira, malinga ndi mmene abwana aonera". Umenewu ndi ulesi, ndipo wovutika nawo ndi munthu amene walandira uthenga wa zovuta usiku, m'mawa waima pakhomo la ofesi chikwama chili m'manja, akudikira kuti amve ngati mayi ake aang'ono ndi wachibale weniweni. Kwathu kuno m'bale wa mayi ako ndi mayi ako, m'bale wa bambo ako ndi bambo ako, ndipo ambiri analeredwa ndi agogo, amalume kapena azakhali. Mukasiya mawu oti "wachibale" osawamasulira, kapitawo wina adzalola, wina adzakana, ndipo antchito adzanena kuti pali kukondera. Adzakhala akunena zoona.

Tchulani achibalewo mmodzimmodzi. Gulu loyamba: mkazi kapena mwamuna wako, mwana wako wobereka kapena womulera, mayi ndi bambo okubereka, ndi munthu amene anakulera. Awa mukhoza kuwaikira masiku asanu ogwira ntchito. Gulu lachiwiri: obadwa nawo bere limodzi, agogo ndi apongozi, masiku atatu. Maliro ena onse munthu atengere pa tchuthi chake cha pachaka. Masikuwa ndi chitsanzo chabe, mukhoza kuonjezera, koma nambala ilembedwe, ndipo mawu oti "ogwira ntchito" asasowe.

Za wokulera musadikire tsiku la maliro kuti muyambe kufunsa. Aliyense polembedwa ntchito alembetse mufayilo yake maina a mkazi kapena mwamuna, ana, makolo ndi womulera, ndipo aziwakonzanso chaka ndi chaka. Ndibwereze: mainawa alembedwe eni ake akadali moyo. Mukatero, palibe adzaike "bambo" kachitatu, ndiponso palibe wamasiye adzafunsidwe mafunso ochititsa manyazi misozi ili m'maso.

Musaiwale ulendo. Wogwira ntchito ku Blantyre amene kwawo ndi ku Chitipa amatha tsiku lathunthu, mwinanso kuposa, ali m'basi, ndipo pobwera n'chimodzimodzi. Masiku atatu athera pamsewu. Lembani kuti wopita kutali awonjezeredwe tsiku lopitira ndi lobwerera. Musaikenso lamulo lodzaza fomu asananyamuke. Msilamu amaikidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndiye lamya kapena uthenga kwa kapitawo ukwanire, kalata ya kuchipatala kapena ya amfumu ibwere pobwerera, pasanathe sabata.

Ndalama ziwerengenitu. Wolandira K200,000 pamwezi akapita kuuchembere, womugwirira ntchito adzafuna mwina K400,000 pa miyezi iwiriyo. Ngati kampani imathandiza bokosi ndi galimoto, lembani kuti ndi pa maliro a gulu liti, komanso malire a ndalamazo.

Mukamaliza, perekani tsambalo kwa mlonda kapena dalaivala, mumufunse kuti: "Apongozi anu atamwalira Lachisanu, mubwerera liti?" Akayankha kuti kaya abwana, kalembeninso gawo la maliro.