Batala wa koko ndi wa shiya: chifukwa chiyani miyendo inasalala koma nkhope inatuluka ziphuphu?

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi khungu langa limatuwa kuti mbuu. Chaka china ndinagula batala wa koko wosayenga n'kumadzola thupi lonse. Patatha milungu iwiri miyendo inasalala, koma pamphumi ndi pachibwano panadzaza tiziphuphu. Chinachitika n'chiyani?

Poyamba, mafuta sathira madzi pakhungu. Ntchito yake ndi kuphimba khungu kuti madzi amene alimo kale asathawe. N'chifukwa chake ndi bwino kudzola mutangosamba, khungu likadali lonyowa pang'ono.

Chachiwiri, mafuta amasiyana malinga ndi maasidi amene ali m'kati mwake. Batala wa koko, wochokera ku njere zomwe amapangira chokoleti, ali ndi asidi wambiri wa sitiyariki ndi palimitiki. Maasidiwa amamulimbitsa, moti amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, kutanthauza kuti amasungunuka akakhudza thupi. Pamiyendo n'zabwino, popeza pali tinthu tochepa totulutsa mafuta achibadwa. Kumaso tinthuti n'tambiri, makamaka pamsinkhu wanuwu. Mukawonjezerapo mafuta olemera, timabowo tapakhungu tingatsekeke, ndipo ziphuphu zimayambira pomwepo. Ndi zomwe zinandichitikira ine.

Batala wa shiya amachokera ku mtedza wa mtengo womera m'maiko ngati Ghana, Burkina Faso ndi Mali. Ndi wofewerapo, ndipo ambiri a nkhope youma amawayanja, bola kadontho kochepa ngati njere ya chimanga. Ngati nkhope yanu imachita mafuta yokha, yesani madontho awiri a mafuta opepuka ngati a mpendadzuwa, omwe nthawi zambiri amakhala ndi asidi wochuluka wa linoleyiki. Asidi ameneyu khungu limamugwiritsa ntchito pomanga chotchinga chake.

Nanga pogula muyang'ane chiyani? Shiya wosayenga amakhala wotuwira chachikasu ndipo amamveka kafungo ka mtedza ndi utsi. Koko wosayenga ndi wolimba, amanunkhira chokoleti. Akakhala woyera kuti mbee komanso wopanda fungo, ameneyo ndi woyenga. Akamanunkha ngati mafuta ophikira okhalitsa, wawonongeka ndi mpweya ndi kutentha, musiyeni. Werenganinso mndandanda wa zosakaniza pabotolo: zochuluka zimalembedwa poyamba. Shiya amalembedwa kuti Butyrospermum Parkii, koko ndi Theobroma Cacao. Mayinawa akakhala chakumapeto, ndiye kuti alimo pang'ono chabe.

Musanadzole kumaso, pakani pang'ono m'kati mwa mkono kawiri patsiku kwa mlungu umodzi. Pakayabwa kapena kutupa, lekani. Dziwaninso kuti mafutawa sateteza mokwanira ku dzuwa ndipo si mankhwala a ziphuphu. Zikakula n'kumapweteka, pitani kuchipatala.

Ineyo koko ndinamusiyira zidendene ndi zigongono. Kumaso sindimuyandikizanso.