Mphutsi za m'thupi: inu achinyamata, dziwani ntchentche ziwirizi

Ana anga a kuno ku Mambwe, kuyambira kwa Jumbe mpaka kwa Kakumbi, kwa Nsefu ndi kwa Msoro, mwakula mukumva za kashembe, ntchentche imene yachititsa kuti ng'ombe zikhale zochepa m'chigwa cha Luangwa. Koma pali ntchentche zina ziwiri zimene sizitchulidwa kawirikawiri, chonsecho mvula ikangoyamba mu Novembala zimatisautsa m'nyumba ndi m'khola momwe. Zonse ziwiri zimasiya mphutsi m'thupi lamoyo. Ambiri amaziyesa chinthu chimodzi, ndipo apa ndi pamene amalakwitsa, chifukwa ina imafuna kudekha pomwe inayo imafuna changu.

Yoyamba akatswiri amaitcha Kodilobiya, ndipo ndi imene imabweretsa kachithupsa kokhala ndi mphutsi imodzi m'kati. Siiluma munthu ndipo siifuna bala. Imaikira mazira 100 mpaka 300 pamchenga wouma wa pamthunzi umene wanunkha mkodzo kapena chimbudzi, ngakhalenso pazovala ndi matewera oyanikidwa pansi kapena pazitsamba. Pasanathe masiku atatu mazira aja amaswa, ndipo timphutsi tosaoneka bwino ndi maso timatha kudikira kupitirira sabata. Khungu lofunda likatikhudza, timaboola n'kulowa. Popeza zimenezi zimachuluka nthawi imene mango apsa, ena amati mwana wadya mango ambiri. Mango alibe mlandu. Angokumana ndi mvula panyengo imodzi.

Kachithupsako mudzakazindikira chonchi. Kamayamba ngati polumidwa ndi udzudzu, kawirikawiri pamsana, pamatako, pantchafu kapena pamimba, malo amene chovala chimaphimba. Patapita masiku angapo kamatupa, pakati pake n'kuoneka kabowo kotuluka timadzi. Mukayang'anitsitsa mudzaona kanthu koyera kokhala ndi timadontho tiwiri takuda, kakusuzumira n'kubwerera. Kumeneko ndi kumbuyo kwa mphutsi, ndipo timadonthoto ndi mopumira mwake. Mwana amadandaula kuti china chake chikuyenda m'kati, makamaka usiku.

Musathamangire kufinya kapena kutumbula ndi minga. Mphutsi ikaphulikira m'kati, pamatupa kwambiri ndipo pamachita mafinya. Sambani m'manja, tsukani pamalopo ndi sopo, kenaka matani vaselini wambiri pakabowo. Mphutsi ikasowa mpweya imayamba kutuluka cham'mbuyo. Nthawi zina pamafunika kudikira maola angapo. Ikaonekera, kanikizani pang'onopang'ono m'mbali mwa chotupacho ndi zala ziwiri, ndipo idzatuluka yathunthu. Tsukaninso n'kuphimba ndi kansalu koyera. Ikakhala pafupi ndi diso kapena kumaliseche, zikakhala zambiri pakhanda, kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala. Mtundu umenewu ngakhale utasiyidwa, mphutsi imatuluka yokha patapita masiku 8 mpaka 12, n'chifukwa chake ndikuti kudekha sikukupwetekani.

Kupewa kwake kuli pachingwe ndi pasimbi. Yanikani zovala m'mwamba, padzuwa lenileni, mpaka ziume gwa. Sitani mbali zonse ziwiri, ndipo simbi ichedwe m'misoko ndi m'chiuno mwa kabudula. Matewera ndi zofunda za khanda zisaphonye. Tiana ta agalu timene timagona pamchenga kuseri kwa nyumba ndi timene timasunga ntchentche imeneyi pakhomo, choncho muzitiyang'ana kumimba ndi kumapazi, n'kupha mphutsi iliyonse imene mwatulutsa.

Yachiwiri ndi yoopsa. Dzina lake ndi Kirisomiya beziyana, ntchentche yonyezimira mobiriwira. Imeneyi imafuna bala, ngakhale laling'ono ngati pamene pachoka nkhupakupa. Imaikira mazira m'mphepete mwa bala, ounjikana, oyera, ndipo amaswa lisanathe tsiku limodzi. Mphutsi zake sizikhutira ndi mnofu wowola ngati mphutsi za pamtembo. Zimaloza mitu pansi n'kumadya mnofu wamoyo kwa masiku 5 mpaka 7, kenaka zimagwera m'dothi kukasanduka ntchentche. Fungo la balalo limaitana zinzake, ndipo kabala ka dzana kamasanduka dzenje.

Tiyerekeze mbuzi yanu yaikazi ya makilogalamu 25. Lolemba mwaizula nkhupakupa ya mawanga, ija ya mlomo wautali, kunsi kwa mchira, ndipo simunapakepo kanthu. Lachinayi mukuona ikutsalira m'mbuyo pobwera kubusa, ikugwedeza mchira kosalekeza, ikudzikhula pamtengo, siikudya bwino. Mukakweza mchira mukupeza kabowo kochepa kotuluka madzi osakanikirana ndi magazi, konunkha moipa. Kuchepa kwa kamwa la bala kusakunamizeni, m'kati ndi motakasuka.

Musadikire kuti kuche. Mnzanu agwire mbuziyo, inu mumete ubweya wozungulira bala. Wiritsani lita imodzi ya madzi, thiranimo masupuni awiri aang'ono a mchere, azizire, ndipo tsukani mothira ndi jakisoni wopanda singano kuti madzi afike pansi. Thirani mankhwala a mabala a ziweto amene pabotolo pake palembedwa kuti amapha mphutsi, dikirani mphindi zingapo, kenaka zulani imodziimodzi ndi kachitsulo kopanira kowiritsa. Zimakana, chifukwa thupi lake lili ndi timinga. Zonse muziponye pamoto. Mukazitaya pansi, zokhwima zimalowa m'dothi ndipo mwadziwetera nokha ntchentche za mwezi wamawa.

Zotsalira pansi penipeni zimafuna jakisoni wa aivamekitini. Muyezo wa mtundu wofala, wa 1 peresenti, ndi mililita imodzi pa makilogalamu 50, wobaya pansi pa khungu. Mbuzi yathuyi ndiye ikufunika theka la mililita basi. Itanani alangizi a ziweto akuonetseni pobaya ndiponso aone ngati bala likufunika mankhwala opha tizilombo ta mafinya. Musamwe mkaka wake, ndipo musaiphe kapena kuigulitsa kwa okazinga nyama asanakwane masiku olembedwa pabotolo. Jakisoniyo satsuka bala. Tsiku lililonse muzilitsegula, kulitsuka ndi kulipaka mpaka litauma. Likuchira mukaona fungo latha, mnofu wafiira bwino ndipo mbuzi yayambanso kubzikula.

Oyilo wakuda wa galimoto, petulo ndi asidi wa batire, zimene ena amatamanda, zimawotcha mnofu wabwino n'kukulitsa bala. Dibi wosasungunula angaphe mbuzi mphutsi zisanafe. Ndipo ngati mukufuna kuthena atonde kapena nkhumba, dikirani Juni kapena Julayi, ntchentche zitachepa. Mchombo wa kamwana ka mbuzi muupake ayodini tsiku lobadwa lomwelo. Galu amene wang'ambidwa ndi nyani kapena njiri muzimuyang'ana tsiku ndi tsiku.

Ntchentche yomweyi imateranso pa anthu, makamaka amene sangathe kuiingitsa: agogo ogona pamphasa, wodwala shuga wa chilonda cha kuphazi chimene sachimva kuwawa, mwana wotuluka mafinya m'khutu. Apa vaselini sathandiza, ndipo mankhwala a ziweto asayandikire munthu. Tsukani ndi madzi a mchere aja, phimbani ndi nsalu yoyera yosita, ndipo tsiku lomwelo mumutengere kukiliniki kapena kuchipatala cha Kamoto, akachotse zonse, aone mmene bala lazamira, ndi kuona ngati akufunika katemera wa kafumbata. Mphutsi zikakhala m'khutu, m'mphuno kapena m'diso, musazitokose n'komwe. Pezani njinga kapena galimoto, nyamukani.