Mmisiri akachedwetsa nyumba: chipukuta misozi kapena penoti?

Patchuthi chapitachi malume anga anandiitana kuti ndikawalembere pangano lawo ndi mmisiri, poti amati ndimalemba zooneka bwino. Ankamanga nyumba ya lendi ya zipinda zitatu pa tiredi senta pathu. Zipangizo ankagula okha, mmisiri nkulandira K900,000 ya ntchito, ndipo nyumba inayenera kutha pa 30 Okutobala mvula isanagwe.

Malume anati, "Lemba kuti akachedwa ngakhale tsiku limodzi ndidzamudula K300,000. Aope!" Ine ndinalemba. Madzulo asuweni anga, amene akuphunzira zamalamulo, anawerenga pepalalo nkuseka. Anati, "Bambo, apa mwalemba penoti, khoti silingakupatseni ndalamayi." Ine penoti ndinkaidziwa ya kumpira basi, ndiye ndinatchera khutu.

Pali njira ziwiri zolembera ndalama ya kuchedwa, ndipo pamaso zimaoneka ngati mapasa. Yoyamba ndi chipukuta misozi chogwirizaniratu, azamalamulo amati likwidetedi damejezi. Apa anthu awiri amakhala pansi tsiku losayina nkuwerengera moona mtima zimene mwini nyumba angataye ntchito ikachedwa. Yachiwiri ndi penoti, ndalama yongoopsezera mmisiri, yosagwirizana ndi zimene munthu angataye. Khoti limalemekeza yoyamba, yachiwiri limaikana. Malamulo athu a mapangano anachokera ku Mangalande, ndipo mlandu wotchuka pankhaniyi ndi wa kampani ya matayala ya Dunlop, wa mu 1915. Oweruza ananena kuti dzina limene mwalemba papepala silimaliza nkhani. Ngakhale mutalemba "chipukuta misozi" ndi zilembo zazikulu, ndalamayo ikapyola kutali zedi zimene mukanataya ngakhale zinthu zitavuta chotani, ndi penoti basi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, si masamu ovuta ayi. Nyumbayo inali ndi woti adzalowemo pa K60,000 pamwezi. Tikagawa ndi masiku 30 tipeza K2,000 patsiku. Ndiye mmisiri akachedwa tsiku limodzi malume ataya K2,000, pomwe iwo ankafuna K300,000, lendi ya miyezi isanu yathunthu! Chizindikiro china chinali choti ndalamayo sinkasintha. Wochedwa tsiku limodzi ndi wochedwa miyezi itatu onse adulidwe mofanana? Pamenepo zimaonekeratu kuti palibe anawerengera kalikonse.

Malume anafunsa kuti, "Nanga khoti likakana, ndiye kuti ndaluza zonse?" Ayi. Pangano lonse silifa, chimene chimafa ndi chiganizo cha penoticho. Koma tsono muyenera kubweretsa umboni wa tambala iliyonse imene munataya, mboni, makalata, maulendo a kukhoti. Ubwino wa K2,000 patsiku ndi woti simuvutika ndi umboni wotero. Mumangowerenga masiku: akachedwa masiku 20, mudula K40,000.

Koma njirayi imaluma mbali zonse, ndipo apa ndi pamene malume anakhala chete kanthawi. Tinene kuti wa lendi uja watopa kudikira, wapeza nyumba ina, ndipo yanu yakhala miyezi iwiri yopanda munthu. Mwataya K120,000, koma mudzalandirabe K40,000 ija, chifukwa ndi imene munagwirizana. Nchifukwa chake kuika ndalama yochepetsetsa pochitira mmisiri chisoni nakonso nkudzipweteka. Ine ndikuona kuti nchilungamo ndithu, poti mmisiri naye amasayina akudziwa pamene ngongole yake ingathere.

Asuweni anawonjezera chinthu china chimene kwathu kuno chimachitika kawirikawiri. Mwini nyumba ndi amene amagula simenti, malata ndi misomali. Akachedwetsa yekha zipangizo, sangadule mmisiri masiku amenewo. Choopsa nchoti ngati pangano silinena za kuwonjezera masiku, tsiku lomalizira lija limatha mphamvu, ndipo K2,000 patsiku ija imagwera limodzi. Ndiye ndinang'amba pepala loyamba nkulembanso kuti: ntchito idzatha pa 30 Okutobala, ikapitirira, mmisiri adzadulidwa K2,000 patsiku, yomwe ndi lendi ya K60,000 pamwezi, tsiku lililonse limene ntchito yaima chifukwa zipangizo palibe lidzawonjezedwa. Tinagulanso kope loti onse awiri azisayinamo tsiku lotero.

Nyumba inatha pa 11 Novembala, masiku 12 mochedwa. Malume anali atawerengera kale K24,000, koma mmisiri anangoti, "Bwana, tatsegulani kope lija." Munali masiku 8 amene malata anachedwa kufika chifukwa malume anali asanagulitse mtedza wawo. Anatsala masiku 4, ndipo anadula K8,000.